Mapepala atatu a ICAM mu Disembala ndili pa ntchito, maola angati pa sabata?

Mayi a Tada (Luchenza): Madzulo abwino nonse. Ndithandizeni maganizo abale. Ndimagwira ntchito ya ukalaliki wa malipiro pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo, ndipo ndikufuna ndikalembe mapepala atatu a mayeso a zowerengera ndalama a bungwe la ICAM mu Disembala muno, kositing'i, za misonkho ndi za malamulo. La misonkho ndi lobwereza, mu Juni ndinapeza 43. Ndawerenga pa kalenda kwatsala masabata 16. Pulani yanga ndi yoti usiku uliwonse ndiziwerenga kuyambira 8 koloko mpaka 11, ndiye maola 21 pa sabata, kuwonjezerapo 4 Loweruka masana akhale 25. Kodi akwana kapena ndiwonjezere? Amene munadutsamo ndiuzeni, ndisanalipire ndalama za mayeso.

Jombo wa pa Bvumbwe: Achemwali 25 ndi yochepa kkkk. Ine ndili fomu 4 ndinkaviika miyendo mu ndowa ya madzi ozizira kuchezera mpaka atambala kulira, mayeso safuna ulesi. Muzidzuka 3 koloko m'mawa muwonjezere ena awiri, mutu m'mawa umakhala wopepuka zimalowa ngati madzi

Naphiri: Jombo fomu 4 yo unali ndi mwana? Unkaphikira munthu? Unkapita ku ntchito? Mxii

Jombo wa pa Bvumbwe: ndangopereka maganizo mayi, musandimeze

Ankolo a ku Chitakale: Mayi a Tada, musanafunse ngati 25 ikwana, tiyambe taona ngati 25 yo ilipodi. Ndiuzeni tsiku lanu la dzulo mmene linayendera, osati mmene mumafunira kuti liziyendera ayi, la dzulo lenilenilo. Munadzuka nthawi yanji, munafika pakhomo nthawi yanji, munakhala pansi nthawi yanji.

Mayi a Tada (Luchenza): Dzulo ndinadzuka 5 koloko, kutereka madzi, kukonza phala la Tada, kumusambitsa, ndinatuluka cha m'ma 6. Ntchito timayamba 7, kuweruka 5 koma ine ndinatuluka hafu pasiti 5 chifukwa akapitawo anabweretsa mochedwa mabuku a masikelo. Siyenta inachedwa kudzadza, pakhomo ndinafika chakumayandikira 7. Mtsikana anali ataphika ndiwo kale ine ndinangophika nsima, tinadya, homuweki ya mwana, kumugoneka. Ndinatsegula buku 20 pasiti 8. Kunena zoona sindikudziwa kuti ndinagona nthawi yanji, bambo a Tada anandidzutsa pa tebulo cha m'ma 10, tsamba lake lomwe lija ndinayambira kkkk

Ankolo a ku Chitakale: Eya, ndiye dzulo pa pepala panali maola 3 koma m'mutu munalowa mwina mphindi 40 kapena ola limodzi. Si ulesi umenewo. Munthu wadzuka 5, watha tsiku lonse akuyang'ana manambala a makilogalamu a masamba, ndiye 11 usiku ayang'anenso manambala ena? Mukagona 11 n'kudzuka 5 ndi maola 6 a tulo, tsiku limodzi mupirira, masabata 16 simungathe. Ine ndinalemba mapepala amenewa ndili kale pa ntchito ndili ndi ana awiri, ndipo ndinagwapo kawiri chifukwa cha masamu ngati anuwa, ochulukitsa 3 ndi 7 pa pepala.

Tiyeni tipange sabata yoona. Lolemba, Lachiwiri ndi Lachinayi, kuyambira hafu pasiti 8 mpaka 10, ola ndi theka usiku uliwonse, amenewo ndi maola 4 ndi theka. Lachitatu ndalisiya dala, Lachisanu ndalisiyanso chifukwa Lachisanu usiku sindinaonepo munthu wa pa ntchito akuwerenga zomveka. Loweruka mumaweruka nthawi yanji?

Mayi a Tada (Luchenza): 12 koloko, ndikadutsa pa msika ndimafika cha m'ma 2. Koma kuchapa kumandidikira

Ankolo a ku Chitakale: Ndiye Loweruka kuyambira 3 mpaka 6, maola 3, kuchapako mugawane ndi mtsikana kapena kupite m'mawa wa tsiku lina. Lamulungu mukabwera ku tchalitchi n'kudya, maola 2 ndi theka. Zonse pamodzi 10. Pamenepo ndiye pamene ine ndingayambire.

Mayi a Tada (Luchenza): 10 yokha Ankolo?? Kuchoka pa 25 kufika pa 10 eee, ndiye mwandidula miyendo

Naphiri: Mayi a Tada musadandaule, 10 yo ngati mukuikwanitsa sabata ndi sabata ndi yambiri. Ine ndimagwira ku sitolo za pa fakitale ku Mulanje kuno, ndinkalemba za kagulidwe ka katundu, ndinapanga taimu tebulo yokongola ndi mapeni amitundu n'kuimata pa khoma, maola 20. Sabata yoyamba ndinakwanitsa, yachiwiri ndinaphonya masiku awiri ndiye ndinati ndibweza Loweruka, Loweruka kunagwa chinkhoswe cha mwana wa achemwali anga, ngongole ya maola inangokulirakulira mpaka ndinayamba kudana nayo taimu tebulo ija, ndikalowa kuchipinda ndinkayang'ana kumbali ngati ndaona munthu amene ndili naye ngongole ya banki m'khonde. Mwezi wathunthu sindinagwire buku chifukwa cha manyazi ndi pepala lomata ndekha

Jombo wa pa Bvumbwe: Koma za m'mawa zija musazitaye. Ine panopa ndikulimbana ndi za makompyuta ndipo zimene ndimawerenga m'mawa ndi zimene zimakhala

Ankolo a ku Chitakale: Jombo pamenepo wanena zoona theka. M'mawa ndi bwinodi kwa anthu ambiri, kulibe phokoso, foni siilira. Cholakwika ndi choti iwe ukufuna kuwonjezera m'mawa pamwamba pa usiku. Ola la m'mawa umaligula ndi ola la usiku, silibwera laulere. Ngati mayi a Tada akufuna kudzuka 4 koloko kuti awerenge mpaka 5, agone 9 akangogoneka mwana, usiku osatsegula buku. Asankhe chimodzi. Akachita zonse ziwiri ndiye tidzamva kuti wina pa esiteti walandira malipiro a mnzake.

Mayi a Tada (Luchenza): Kkkk musaseke, mu Meyi ndikukonzekera mayeso aja ndinalemba makilogalamu a mayi wina pa nambala ya munthu wina, anabwera pa windo akulira ndi kapepala kake, ndinachita manyazi kwambiri tsiku limenelo ndipo abwana anandiitana

Sisita wa ku Muloza: Pepani ndalowa mochedwa. Ine ndikuona ngati nkhani ndi yopeza koleji yabwino, ku Limbe ndi ku Blantyre kuli makalasi a Loweruka, mukalembetse basi aphunzitsi ndi amene amadziwa zimene zimabwera pa mayeso. Kuwerenga wekha kumavuta

Naphiri: Sisita funso si la koleji, akufunsa maola. Komanso mwamva kuti Loweruka amagwira mpaka 12?

Sisita wa ku Muloza: Ooh sindinaone pamwambapo. Koma ine maola ndilibe nawo yankho, timagwira mashifiti, sabata ya usiku ndikafika kunyumba 8 m'mawa ndimangogwa ngati thumba la chimanga. Ndiye ine ndingawerenge bwanji sabata yanga poti sabata zanga sizifanana?

Ankolo a ku Chitakale: Sisita funso lanulo latifikitsa pamene ndimafuna kupita, chifukwa ngakhale za mayi a Tada sizifanana. Musamawerenge sabata imodzi n'kuchulukitsa, muziwerenga mitundu ya masabata amene muli nawo. Inu muli ndi ya usiku, ya masana ndi yopuma, iliyonse ipatseni nambala yake. Mayi a Tada ali ndi sabata wamba ndi sabata ya kumapeto kwa mwezi. Mayi a Tada, sabata yotseka malipiro mumafika pakhomo nthawi yanji?

Mayi a Tada (Luchenza): Iii imeneyo musaitchule. 8, nthawi zina 9, amachita kutiperekeza pa galimoto ya kampani. Ndipo Loweruka lake timagwira mpaka madzulo ngati manambala sakugwirizana

Ankolo a ku Chitakale: Ndiye sabata imeneyo ndikupatsani maola 4 basi, Lamulungu ndi usiku umodzi ngati mwayi ulipo. Tsopano tiwerenge masabata 16 aja. Muli kumapeto kwa mwezi kanayi, Ogasiti, Sepitembala, Okutobala, Novembala. Masabata 4 amenewo pa maola 4 ndi 16. Chotsaninso masabata awiri athunthu amene adzapite osadziwa, sindikulosera zoipa koma pa miyezi inayi kwathu kuno sipalephera maliro, mwana kudwala malungo, alendo ochokera kumudzi, kapena inu nomwe chimfine. Amenewo ndimawalemba ziro. Sabata imodzi yakumapeto tiiike padera kuti mudzatenge tchuthi, masiku 6 pa maola 6 ndi 36, tingoti 35. Otsala ndi masabata wamba 9, pa maola 10 ndi 90. Phatikizani 90, 16 ndi 35, mupeza 141. Tinene kuti 140.

Pa pulani yanu ija munali ndi 25 kuchulukitsa 16, maola 400. Ndiye munkagula mapepala atatu ndi ndalama ya 400 pamene m'thumba muli 140.

Aphunzitsi a ku Chisitu: Ankolo masamu anu ndawatsatira ndipo ndi omveka, koma ndikutsutsaniko pang'ono. Mukamuuza munthu kuti 10 ndiye adzapanga 7. Mukamuuza 15 adzapanga 11. Ana a sukulu ndimawaona tsiku ndi tsiku, chingwe ukachimasula amakhala pansi. Bwanji osamusiya alinge pamwamba?

Ankolo a ku Chitakale: Aphunzitsi, kulinga pamwamba alinge, sabata imene zayenda bwino apange 13 palibe amene amuletse. Koma nambala imene akugwiritsa ntchito posankha kuti alipire mapepala angati ikhale yapansiyo. Bajeti sumapangira pa ndalama imene ukuyembekeza kuti mwina alamu adzakutumizira kuchokera ku Joni.

Aphunzitsi a ku Chisitu: Apo ndavomera, koma masabata awiri a ziro aja ndi ambiri. Imodzi ikwana

Naphiri: Aphunzitsi inu mumakhala ndi holide katatu pa chaka ndiye simungamvetse kkkk. Komanso simunawerengere magetsi, kwathu kuno akathima 6 madzulo amabwera anthu atagona

Mayi a Tada (Luchenza): Magetsi sindidandaula kwambiri, ndili ndi kanyale ka sola kamakwana maola awiri ngati kanakhala padzuwa, vuto limakhala kukachita chiperoni masiku atatu. Koma Ankolo 140 yo ndiye ikwana mapepala angati? Pepala limodzi limafuna maola angati?

Ankolo a ku Chitakale: Limenelo musafunse munthu, funsani buku lanu ndi wotchi. Aliyense akuuzani nambala yake chifukwa mitu imasiyana komanso zimene munthu akudziwa kale zimasiyana. Chitani chonchi. Tsegulani buku la kositing'i muwerenge kuti lili ndi mitu ingati. Sankhani iwiri, umodzi wooneka wofewa, wina umene mumauopa. Uliwonse muuwerenge mpaka muthe kuyankha mafunso a kumapeto kwake buku litatsekedwa, osati kungofika tsamba lomaliza ayi, ndipo mulembe nthawi imene mwayamba ndi imene mwasiya. Foni ikalira mwayankha, imitsani wotchi. Mukapeza pakatikati pa mitu iwiriyo muchulukitse ndi mitu yonse.

Mayi a Tada (Luchenza): Ndaona, notsi zimene ndili nazo zili ndi mitu 18

Ankolo a ku Chitakale: Chabwino, tingoyerekeza kaye kuti mutu umodzi ndi maola 3, mudzatikonza mukayeza. 18 kuchulukitsa 3 ndi 54. Kumeneko ndi kungodutsamo koyamba. Tsopano mapepala a zaka zam'mbuyo, apa ndi pamene anthu amaiwala kuwerengera. Pepala ndi la maola 3. Kulilemba lonse mutakhala pansi ngati muli mu holo ndi maola 3, kudzichonga ndi kuona pamene mwalakwa ndi ena awiri, ndiye pepala limodzi lakale limadya 5. Mukafuna kupanga 6 ndi maola 30. Onjezani 10 obwerera ku mitu imene mapepalawo akuonetsani kuti simunaimve. 54, 30 ndi 10 ndi 94. Kositing'i yekha ameneyo.

La misonkho poti munapeza 43 ndipo pofunika ndi 50, simukuyambira pansi. Simukufunika kuwerenganso buku lonse, mukufunika kudziwa kuti mamakisi 7 aja anathawira pati. Ndingaike maola 45 mpaka 50, ambiri mwa iwo akhale olemba mafunso. 94 ndi 50 ndi 144. Inu muli ndi 140. La malamulo mulilowetsa pati?

Mayi a Tada (Luchenza): Mmm

Jombo wa pa Bvumbwe: La malamulo ndi loloweza basi achemwali, mumangolimvera mu siyenta. Jambulani mawu anu pa foni mukuwerenga notsi muzimvera popita ndi pobwera, ola lathunthu tsiku lililonse laulere

Naphiri: Mu siyenta anthu 9, wina wakukhalira pa ntchafu, dalaivala watsegula nyimbo mpaka kumapeto, iwe uzimva za makontirakiti? Jombo iwe

Ankolo a ku Chitakale: Kumvera m'galimoto kumathandiza kukumbutsa chimene unawerenga kale, sikuphunzitsa chatsopano, ndipo ine sindikuwerengera mu maola 10 aja. Komanso la malamulo si loloweza chabe, amakupatsa nkhani ya anthu awiri amene agwirizana zakutizakuti ndiye unene amene ali ndi mlandu ndi chifukwa chake. Pamafunika kuzolowera kulemba. Ngakhale titalichepetsa bwanji silingatsike pa maola 60 kwa munthu amene sanaligwirepo. Mukaligawira pa 140 yomweyo ndiye kuti pepala lililonse lipeza osakwana 50, ndipo zotsatira zake ndimazidziwa chifukwa zinandichitikira, 46, 44, 47. Kugwa konse kutatu pafupi ndi mzere, ndalama zitatu zapita, miyezi isanu ndi umodzi yapita. Bola awiri okhoza, lachitatu mu Juni.

Mayi a Tada (Luchenza): Vuto langa ndi loti mu Juni simudziwa mmene kumakhalira kuno, kukonzekera kwake kumagwera nthawi ya masamba ambiri. Mvula ikayamba mu Disembala mpaka cha mu Epulo anthu othyola amachuluka, aganyu amalembedwa ambirimbiri, mayina pa malipiro amachuluka kwambiri, ndiye ngakhale sabata wamba imakhala ngati ya kumapeto kwa mwezi. N'chifukwa chake ndinagwa la misonkho lija. Ndimafuna ndikankhe zambiri panopa pamene kuntchito kuli kopepuka

Ankolo a ku Chitakale: Imeneyo ndi mfundo ndithu ndipo sindinaiganizire, ine ndili ku ofesi ya pa boma sitiona nyengo ya tiyi. Ndiye kuti chaka chanu chili ndi mbali ziwiri, ya Disembala ndi yonenepa, ya Juni ndi yowonda. Komabe sizikusintha 140 ija. Chimene zikusintha ndi kusankha kuti ndi pepala liti lipite ku Juni. Lolemera ngati kositing'i likhale la panopa, ku Juni kupite limodzi lokha, la malamulo, ndipo mukhoza kuyamba kuligwira mukangotuluka mu holo mu Disembala masamba asanafike pachimake.

Aphunzitsi a ku Chisitu: Kapena alembetse onse atatu, la malamulo akangoyesa mwayi, akalakwa adzakhala ataona mmene mafunso amabwerera

Naphiri: Kuona mafunso ndi kwaulere aphunzitsi, mapepala akale alipo. Kulipira ndalama ya mayeso kuti ukangoona? Ndalama yake yomweyi ya ukalaliki?

Aphunzitsi a ku Chisitu: Ena amakhoza choncho, ndawaonapo

Naphiri: Ena

Mayi a Tada (Luchenza): Ankolo funso lina, ola ndi theka la usikulo ndizichita chiyani kuti ndisagone? Chifukwa ndikangoyamba kuwerenga ndime zitalizitali maso amalemera

Ankolo a ku Chitakale: Usiku musamawerenge, muzilemba. Mitu yatsopano ndi yovuta ipite Loweruka ndi Lamulungu masana pamene muli ndi mphamvu. Usiku wa pakati pa sabata tengani funso limodzi. Pepala la mamakisi 100 pa mphindi 180 ndiye kuti makisi imodzi ndi mphindi 1.8, funso la mamakisi 20 ndi mphindi 36. Tcherani alamu pa 36, lembani ndi cholembera pa pepala, ikalira imani ngakhale musanamalize. Mphindi 20 zotsatira dzichongeni ndi mayankho. Theka la ola lotsalalo tsegulani buku pamalo okhawo amene mwalakwitsa. Ola ndi theka latha, kagoneni. Dzanja likamayenda tulo sitibwera msanga, komanso mumadziwa tsiku lomwelo ngati nthawi yapita pachabe kapena ayi chifukwa pali makisi imene mwadzipatsa.

Pa la misonkho chenjerani ndi chinthu chimodzi, mareti amasintha boma likapereka bajeti, ndiye mayankho a pepala la zaka zinayi zapitazo akhoza kukhala ndi manambala amene sakugwiranso ntchito. Njira yake tengani, koma manambala muone amene akufunika pa mayeso anuwa. Inu za msonkho wa pa malipiro mumazigwira mwezi ndi mwezi ndiye pamenepo musatayepo nthawi, ndikuganiza kuti mamakisi anathawira ku msonkho wa makampani ndi zija za kuchotsera pa makina ndi nyumba.

Mayi a Tada (Luchenza): Mwalasa, funso limenelo ndinangolemba theka nthawi inatha. Chabwino ndiyesa sabata ino ndizilemba nthawi mu kope ndidzakuuzani

Sisita wa ku Muloza: Inenso ndiyesa zowerenga mitundu ya masabata, koma ya usiku ndikuika ziro osanamizana

Mayi a Tada (Luchenza): Ndabweranso abale, sabata yatha. Zimene zili mu kope ndi izi. Lolemba ola ndi mphindi 20. Lachiwiri mphindi 50, Tada anakana kugona. Lachinayi palibe, kunabwera apongozi kuchokera ku Thekerani ndiye simungawasiye pa mkeka inu n'kukatsegula buku. Lachisanu ndinayesa kubweza, mphindi 30 ndinagona. Loweruka maola awiri ndi mphindi 40. Lamulungu maola awiri. Zonse pamodzi maola 7 ndi mphindi 20. Ndiye ngakhale 10 ija sindinaifike, aphunzitsi munanena kkkk

Mitu ija ndayeza. Wa zipangizo ndi kasungidwe ka katundu unanditengera maola awiri ndi theka chifukwa zina ndimaziona kuntchito. Wa kagawidwe ka maovahedi wandidya maola 4 ndi mphindi 50 ndipo funso lomaliza sindinalipezebe, manambala akukana kugwirizana

Aphunzitsi a ku Chisitu: Ndinanena ine. Mukanalinga 15 bwenzi mutapeza 11

Naphiri: Apongozi akanabwerabe ngakhale akanalinga 30

Ankolo a ku Chitakale: Mwachita bwino kulemba zoona. Sabata imodzi siitiuza zonse, iyi inali ndi alendo, pitirizani kulemba masabata ena awiri tione ngati muzikhala pa 7 kapena pa 9. Koma tiyeni tikonze masamu ndi zimene zabwerazi. Mitu iwiri yatenga maola 7 ndi mphindi 20, pakatikati ndi maola 3 ndi mphindi 40. Kuchulukitsa 18 ndi maola 66, osati 54 ija. Kositing'i wakwera kufika pa 106. Ndi la misonkho 50, pamodzi 156. Mbali inayi, ngati sabata wamba ikhala 8 osati 10, masabata 9 apereka 72, kuphatikiza 16 ndi 35 ndi 123. Mpata ndi maola 33. Ndiye la malamulo iwalani kaye, nkhani tsopano ndi yoti awiriwa akwane bwanji.

Pali malo atatu pamene mungapeze. Mapepala akale a kositing'i muwatsitse kuchoka pa 6 kufika pa 4, mwapulumutsa 10, koma osatsika kuposa apo. Lachitatu lija ndinalisiya dala likhale lobwezera usiku umene waphonyeka, osati Lachisanu, mwaona nokha mmene Lachisanu linathera. Ndipo Lamulungu mukanapeza malo ena osati pakhomo, kaya kalasi ya pa sukulu yapafupi kaya ku ofesi, maola awiri aja akhoza kukhala atatu ndi theka chifukwa pakhomo mwana akakuonani ndiye kuti mulipo.

Jombo wa pa Bvumbwe: Nanga nthawi ya nkhomaliro kuntchito? Mphindi 30 tsiku lililonse ndi maola awiri ndi theka pa sabata

Ankolo a ku Chitakale: Apa Jombo wanena zanzeru, ngati pali pobisala.

Mayi a Tada (Luchenza): Nthawi ya nkhomaliro ndi imene anthu amabwera pa windo kudzafunsa za malipiro awo poti ndi pamene nawonso apuma. Mwina ndizikakhala kuseri kwa sitolo masiku awiri pa sabata. Koma pali china chimene ndazindikira ndikuyang'ana kalenda, Ankolo sabata ya tchuthi ija munaiika kumapeto, koma sabata yoyandikira mayeso ndi yomweyo yotseka malipiro a Novembala. Abwana sangandilole ngakhale nditagwada, ofesi yathu tilimo awiri okha

Ankolo a ku Chitakale: Aa, pamenepo ndinaphonya. Ndiye tchuthi mupemphe cha pakati pa Novembala, mutatumiza kale za msonkho wa pa malipiro zija za pa 14, ndipo mapepala athunthu a maola atatu aja mudzalembe sabata imeneyo. Kalata yake lembani panopa mu Ogasiti, musadikire. Sabata yomalizayo mudzangokhala ndi maola 4 aja, okumbutsa basi, ndiye chilichonse chatsopano chikhale chitatha tchuthicho chisanafike. Kutanthauza kuti mitu 18 ija muli nayo masabata ochepa kuposa mmene timawerengera.

Naphiri: Koma masiku a mayeso enieniwo amakupatsani kapena amadula pa tchuthi chomwecho? Kwathu anandidula, ndinangozindikira masiku atachepa

Mayi a Tada (Luchenza): Mu Juni anadula. Ndatsala ndi masiku 8 chaka chino, awiri a mayeso, ndiye 6 ngati sikugwa maliro. Mawa ndikalankhula ndi mnzanga wa mu ofesi uja kaye chifukwa nayenso amafuna Novembala yomweyo, mchimwene wake akukwatira ku Phalombe. Ankolo funso la maovahedi lija ndikujambulireni? Ndagawa za kantini ndi za okonza makina kawiri konse koma zotsala sizikufika pa ziro

Ankolo a ku Chitakale: Tumizani, koma ndiliona mawa m'mawa. Pano ndi 10 koloko, inunso kagoneni.